Dashibodi ya zolowa, zotuluka ndi phindu: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba, 7 Epulo 2025

Ndayamba lero. Zomwe abwana akufuna ndi tsamba limodzi mu Excel loti akalitsegula aone ndalama zolowa, zotuluka ndi phindu la mwezi uliwonse, ndipo akadina batani lolembedwa Mabedi matchati onse asinthe aonetse za mabedi zokha. Mitundu ya katundu ilipo inayi, mipando, mabedi, makabati ndi mashelefu. Deta ikuyambira Januwale 2024 kulekeza Malichi 2025, miyezi 15, ndipo yabwera m'mafayilo awiri, ya malonda ndi ya zotuluka, zonse kuchokera ku akaunti.

Tsiku lonse lathera pa madeti basi. Fayilo ya malonda inalembedwa tsiku poyamba kenako mwezi, koma kompyuta yanga imayembekezera mwezi poyamba, ndiye 03/04/2024 yaiwerenga ngati 4 Malichi pomwe ndi 3 Epulo, ndipo 13/04/2024 yangoisiya ngati mawu wamba poti mwezi wa nambala 13 kulibe. Chondidzutsa chinali kayimidwe kake m'kolamu, madeti ena atsamira kumanja ena kumanzere. Deti lenileni mu Excel ndi nambala, 1 Januwale 2025 ndi 45658, nde limatsamira kumanja ngati nambala ina iliyonse, lotsamira kumanzere dziwani kuti ndi mawu. Oopsa si akumanzerewo ayi, amenewo amaoneka, oopsa ndi omwe atembenuka mwakachetechete n'kukakhala mwezi wa eni ake. Ndatseka osaseva, ndalowetsanso fayiloyo kudzera mu Power Query, chida cha mu Excel cholowetsera ndi kukonzera deta, pa kolamu ya deti `Change Type` kenako `Using Locale`, ndasankha kalembedwe koyamba ndi tsiku. Zakhala bwino.

Lachiwiri, 8 Epulo

Mmawa ndinapanga mapivoti awiri, matebulo ophatikiza deta mwachidule omwe matchati amawerengako, ina ya malonda ina ya zotuluka, ndaika silaisa ya mtundu wa katundu, kabokosi ka mabatani osefera deta, pa ya malonda ikugwira bwinobwino. Ndiye ndadina kumanja pa silaisayo, `Report Connections`, kuti ndiilumikize ku pivoti ya zotuluka, pivotiyo kulibe pa mndandanda. Ndinatha mphindi zingapo ndikuganiza kuti mwina ndaipatsa dzina lolakwika.

Nkhani yake ndi yoti pivoti siwerenga tebulo lanu mwachindunji nthawi zonse, imatenga kope la detayo n'kusunga, ndipo silaisa imangolamula mapivoti omwe akudyera pa kope limodzi. Anga awiriwa aliyense ali ndi lake poti achokera m'matebulo osiyana. Olo makolamu onse awiri atchedwe Mtundu ndipo mawu ake afanane ndendende, silaisa sizikuikhudza zimenezo.

Njira zinali ziwiri. Yoyamba kuunjika matebulo awiriwa pamodzi likhale tebulo limodzi lalitali lokhala ndi kolamu yonena kuti mzerewu ndi wolowa kapena wotuluka. Imagwira, ndipo kwa ntchito yaing'ono ndikanatero. Yachiwiri kulowetsa zonse mu `Data Model`, yomwe imabwera mkati mwa Excel kuyambira ya 2013, n'kupanga timatebulo tiwiri tapakati toti onse azilumikizikako. Ndasankha yachiwiri chifukwa ndikudziwa kale kuti mwezi wamawa kubwera fayilo yachitatu ya bajeti, ndipo sindikufuna kudzayambiranso.

Ndiye pano pali tebulo `Mitundu`, mizere inayi yokha, dzina lililonse kamodzi, ndi tebulo `Kalendala`, mzere umodzi pa tsiku lililonse kuyambira 1 Januwale 2024 mpaka 31 Disembala 2025, mizere 731 poti 2024 inali ndi masiku 366. `Malonda` ndi `Zotuluka` onse alumikizidwa ku awiriwa pa `Data` kenako `Relationships`. Chofunika kukumbukira apa, silaisa ichokere ku `Mitundu`, osati ku kolamu ya Mtundu ya mu `Malonda`. Ndinalakwitsa kamodzi, zolowa zimasintha koma zotuluka zili njii osasuntha, chifukwa kusefaku kumayenda kuchoka ku katebulo kakang'ono kupita ku akuluakulu, sikudumpha kuchoka ku `Malonda` kukafika ku `Zotuluka`.

Mwezi ndaulemba ngati 2025-03 osati dzina lake. Mayina a miyezi akakhala mawu amasanjika motsatira zilembo, Epulo kutsogolo kwa Januwale, komanso Januwale wa 2024 ndi wa 2025 akanasakanikirana m'mbale imodzi. Zolemba chaka poyambazi zimasanjika zokha.

Lachitatu, 9 Epulo

Mapivoti a mu `Data Model` salola `Calculated Field`, kamakhala kozimiririka osadinika, ndiye phindu ndaliwerengetsa ndi mamezha, mafomula okhala ndi mayina olembedwa mu DAX, chilankhulo cha mafomula cha mu `Data Model`:

```
Zolowa:=SUM(Malonda[Ndalama])
Zachindunji:=SUM(Zotuluka[Ndalama])
Chotsala:=[Zolowa]-[Zachindunji]
```

Pa silaisa pabwera batani lachisanu lomwe sindinaliitane, `(blank)`. Limabwera pakakhala mizere yomwe mtundu wake sukupezeka mu `Mitundu`. Ina inali yolembedwa molakwika, Mashelufu, Mipandu, Kabati, yokwana 23, ndakonza mu Power Query ndi `Replace Values` kuti mwezi wamawa zikabweranso zikonzeke zokha. Koma nditakonza zonsezo batanilo silinachoke, ndipo kumbuyo kwake kuli ndalama zambiri ndithu. Ndiona mawa, mutu watopa.

Lachinayi, 10 Epulo

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya dashibodiyi, zinazo ndi zokongoletsa.

Mizere yotsala ya `(blank)` si yolakwika. Ndi lendi ya nyumba, magetsi, malipiro a anthu a muofesi, inshuwalansi, zinthu zomwe sizili za mipando kapena za mabedi koma za kampani yonse. Ndinapita kwa amayi a ku akaunti kukafunsa ngati anaiwala kulemba mtundu, anangoseka, akuti "Achimwene, lendi ndiilembe kuti ndi ya bedi kapena ya mpando? Inuyo mundiuze." Ndipo akunena zoona.

Nditenge Malichi 2025, manambala ndawadula timichira kuti awerengeke msanga. Mipando inalowetsa 40,000 ndipo zopangira zake ndi antchito ake zinadya 26,000, kutsala 14,000. Mabedi 30,000 kuchotsa 21,000, kutsala 9,000. Makabati 20,000 kuchotsa 11,000, kutsalanso 9,000. Mashelefu 10,000 kuchotsa 8,000, kutsala 2,000. Zonse pamodzi zolowa 100,000, zotuluka zachindunji 66,000, chotsala 34,000. Ndiye pali za kampani yonse zija, 20,000. Phindu lenileni la mweziwo, lomwe lili m'mabuku a ku akaunti, ndi 14,000.

Tsono taonani zomwe dashibodi imachita. Silaisa ikakhala yosadinidwa imaonetsa 14,000, zolondola, chifukwa mizere yopanda mtundu ija ikuwerengedwa nawo. Mukadina Mipando ikuti 14,000 (zangochitika kuti zafanana, zinandisokonezanso kwa kanthawi), Mabedi 9,000, Makabati 9,000, Mashelefu 2,000. Munthu wokhala ndi kakyuleta akaphatikiza anayiwa apeza 34,000. Choipitsitsa, mukagwira Ctrl n'kudina mabatani anayi onse kusiya `(blank)`, zomwe munthu aliyense wanzeru angachite poganiza kuti batani lopanda dzinalo ndi zinyalala, dashibodi ikuti phindu la kampani ndi 34,000. Palibe uthenga uliwonse wochenjeza, palibe selo yofiira, lendi yangosowa basi. Ndipo ndikanakhala wofuna kukongoletsa ndikanabisa batanilo, n'kupereka chinthu chonama chooneka bwino.

Ndiye ndatulutsa mizere imeneyi ndaipatsa tebulo lakelake, `Zapamodzi`, lolumikizidwa ku `Kalendala` yokha. `(blank)` yachoka. Ndapanga mezha `Zaonse` yophatikiza ndalama za tebuloli, ndachotsera ku `Chotsala`, ndadina Mashelefu: -18,000. Ndadina Mabedi: -11,000. Eya, poti silaisa ya mtundu silifika ku tebulo latsopanoli, mtundu uliwonse ukusenza 20,000 yonse wokha. Poyamba lendi imasowa, pano ikulipidwa kanayi. Bola apa Excel inayesa kundiuza, inatulutsa kabokosi kachikasu koti `Relationships between tables may be needed`, kungoti ubale womwe ikufunawo kulibe ndipo sungakhalepo.

Chatsala n'kugawa. Koma kugawa motani si funso la Excel, ndi la abwana, ndiye ndalemba njira ziwiri papepala kuti ndikawaonetse mawa.

Lachisanu, 11 Epulo

Ndinawaonetsa abwana pepala lija. Njira yoyamba kugawa mofanana, aliyense 5,000. Zikatero mipando itsala ndi 9,000, mabedi 4,000, makabati 4,000, mashelefu -3,000. Njira yachiwiri kugawa motsatira zolowa, amene walowetsa 40% ya ndalama asenze 40% ya lendi, ndiye mipando 8,000, mabedi 6,000, makabati 4,000, mashelefu 2,000, ndipo phindu likhala 6,000, 3,000, 5,000 ndi 0. Njira zonse ziwiri mukaphatikiza mupeza 14,000 yemweyo, koma nkhani yomwe zikukamba ndi yosiyana, kwinaku mabedi ndi makabati ali pamodzimodzi, kwinaku makabati ali patsogolo, kwinaku mashelefu akuluza kwinaku angokwana.

Abwana atangoona -3,000 uja anati ndiye mashelefuwa tingowasiya bwanji. Apa ndinachita kuwapempha kuti tiwerengere limodzi. Ndinati bwana, tikasiya mashelefu lendi itsika? Anati ayi. Magetsi a muofesi? Mwina pang'ono. Ndiye 10,000 yolowa ichoka, 8,000 yotuluka ichoka, 20,000 ija ikhala pomwepo, phindu lichoka pa 14,000 kufika pa 12,000. Mashelefu amaponya 2,000 m'thumba lolipirira lendi mwezi umenewo, ndipo -3,000 uja sanachokere kwa makasitomala kapena ku fakitale, wachokera pa kagawidwe komwe ndasankha ineyo dzulo madzulo. Pokhapokha ngati malo omwe mashelefu akukhala angachititsidwe lendi kwa wina kapena kupangiramo chinthu china chopindulitsa kuposa apo, imeneyo ndi nkhani ina ndipo dashibodi singayankhe.

Tagwirizana chonchi. Pamwamba pa dashibodi pakhala manambala awiri osiyana, aliyense ndi dzina lake lomveka. Loyamba "Chotsala musanachotse za kampani yonse", ndipo limeneli ndi lomwe lipite pa matchati oyerekeza mitundu chifukwa mulibe maganizo a munthu m'menemo, ndi zomwe zinalowa ndi zomwe zinatuluka basi. Lachiwiri "Phindu mutagawa za kampani yonse", ndi kamzere pansi pake konena kuti zagawidwa motsatira zolowa. Amayi a ku akaunti anati kunena zoona lendi imayenera kugawidwa motsatira malo omwe katundu aliyense amatenga, mabedi amadya malo ambiri kuposa ndalama zomwe amabweretsa, ndipo ndikugwirizana nawo, koma palibe anayezapo malowo, ndiye pakadali pano tiyenda ndi zolowa.

Mezha yake:

```
Gawo:=DIVIDE([Zolowa],CALCULATE([Zolowa],ALL(Mitundu)))
Zogawa:=[Gawo]*[Zaonse]
Phindu:=[Chotsala]-[Zogawa]
```

`ALL(Mitundu)` ndi amene akugwira ntchito yaikulu apa. Akuuza nambala yapansiyo kuti isamvere silaisa ya mtundu, iziona zolowa za kampani yonse nthawi zonse, pomwe yapamwamba ikumvera. Mukamuiwala, mukadina Mashelefu mupeza 10,000 kugawa ndi 10,000, gawo likhala 100%, mwabwerera ku -18,000 uja. Silaisa ya mwezi yokha ndiye onse awiri akuimvera, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. Ndayesa pa Malichi, 6,000, 3,000, 5,000, 0, ndikadina onse 14,000. Ndapita kunyumba mtima uli m'malo.

Lolemba, 14 Epulo

Matchati. Ndaika atatu okha ngakhale malo alipo a asanu.

Choyamba ndi cha miyezi, mizati iwiri mwezi uliwonse, zolowa ndi zotuluka, ndi mzere wa phindu wodutsa. Ndinayesa kuika phindu pa `Secondary Axis` kuti mzerewo uoneke bwino, koma unakwera pamwamba pa mizati ya zolowa ngati kuti phindu likuposa malonda, ndabweza, onse akhale pa sikelo imodzi olo mzerewo ukwawe pansi. Kumeneko n'komwe umakhaladi.

Pali kanthu kamodzi kondivuta pa tchati chimenechi. Mukadina silaisa sikelo ya kumanzere imadzisintha yokha, ndiye mzati wa mashelefu wa 10,000 umatalika chimodzimodzi ndi wa mipando wa 40,000, munthu wongoyang'ana mwachangu angaganize kuti akugulitsidwa mofanana. Ndikaikhomerera sikeloyo pa nambala imodzi, mashelefu akukhala timadontho tosaoneka kukwera ndi kutsika kwake. Ndaisiya izisintha, koma mutu wa tchati ndaulumikiza ku selo yomwe imanena mtundu womwe wasankhidwa, ndipo ntchito yoyerekeza ndaipereka kwa tchati chachiwiri.

Chachiwiricho ndi mizati yogona inayi, chotsala cha mtundu uliwonse, kuyambira wamkulu kutsika. Chimenechi ndachichotsa dala ku silaisa ya mtundu, mu `Report Connections` ndachotsa chizindikiro pa pivoti yake, chimangomvera ya mwezi. Chikanamvera zonse, kudina Mabedi kukanasiya mzati umodzi wokhawokha wopanda woyerekeza naye. Abwana amafuna chozungulira chodulidwa magawo chija, ndawauza kuti tsiku lomwe mtundu wina udzaluze tchati chotere sichingajambule nambala ya mainasi moona, ndipo avomera mosakondwa kwenikweni.

Chachitatu ndi mzere wa pelesenti ya chotsala mwezi ndi mwezi, ndipo apa ndinadzigwira ndekha ndikulakwitsa. Pa kabokosi kapamwamba ndinali nditaika `AVERAGE` ya mapelesenti anayi a mu pivoti. A Malichi ndi 35% mipando, 30% mabedi, 45% makabati, 20% mashelefu, avareji yake 32.5%. Koma 34,000 pa 100,000 ndi 34%. Avareji ija ikuwapatsa mashelefu mawu ofanana ndi mipando pomwe malonda awo ndi ochepa kanayi. Pelesenti ya gulu siipezeka pophatikiza mapelesenti, muphatikize ndalama kaye kenako mugawe:

```
Pelesenti:=DIVIDE([Chotsala],[Zolowa])
```

Kusiyana kwa 1.5 kukuoneka kochepa, koma ndi mtundu wa cholakwika chomwe amayi a ku akaunti amachiona ali chiimire pakhomo, ndipo akachiona kamodzi sadzakhulupiriranso nambala ina iliyonse patsambalo.

Zina ndi zing'onozing'ono, ndabisa timabatani totuwa ta pa matchati ndi `Hide All Field Buttons on Chart`, ndachotsa `Autofit column widths on update` kuti makolamu asamavine nthawi iliyonse munthu akadina, mtundu wa zotuluka ndaika wotuwa, phindu lokha ndiye lowala.

Lachiwiri, 15 Epulo

Mtima unali m'malo uja wachoka. Amayi a ku akaunti amayesa dashibodi pa kompyuta yawo, anadina Febuluwale n'kulemba nambala papepala, anadina Malichi n'kulemba, kenako anadina miyezi iwiriyo pamodzi. Anandiitana, "Tabwerani muone, achimwene, 4,000 ndi 2,000 kwanu kuno zimakwana zingati?" Dashibodi imati 5,778.

Ndinakhala pansi ndi pepala. Febuluwale kampani inalowetsa 80,000, mashelefu 16,000, ndiye gawo lawo 20%, pa 20,000 ya za kampani yonse asenza 4,000. Malichi gawo lawo 10%, asenza 2,000. Pamodzi 6,000. Koma mezha yanga mukasankha miyezi iwiri siwerenga mwezi ndi mwezi, imaunjika kaye, 26,000 pa 180,000 ndi 14.4% ndi kanyenyeswa, kuchulukitsa ndi 40,000 mupeza 5,778. Kusiyana 222. Ndipo chobisa cholakwikachi n'choti 222 ameneyo sanasowe, wangosamukira kwa mitundu inayo, ndiye totala ya kampani imakhala yolondola nthawi zonse, mayeso anga onse a Lachisanu ndinkayang'ana mwezi umodzi kapena kampani yonse, malo awiri okhawo omwe sichioneka.

Kunena chilungamo 5,778 si bodza, ndi kugawa pa miyezi iwiri ngati chinthu chimodzi. Koma dashibodi yathu ndi ya mwezi ndi mwezi, mzere wa totala pansi pa pivoti uyenera kufanana ndi mizere yomwe ili pamwamba pake, apo ayi aliyense wophatikiza yekha aziti yawonongeka. Ndasintha kuti igawe mwezi uliwonse pawokha kenako iphatikize:

```
Zogawa:=SUMX(VALUES(Kalendala[Mwezi]),[Gawo]*[Zaonse])
```

`VALUES` akupereka mndandanda wa miyezi yomwe yasankhidwa, `SUMX` akuyenda umodziumodzi. Apa ndinathokoza kuti `Mwezi` ndinaulemba ndi chaka chomwe, ukanakhala dzina lokha Febuluwale wa 2024 ndi wa 2025 akanagawidwa ngati mwezi umodzi ndipo vuto lomweli likanabisala pamenepo. Pano ikuti 6,000.

Njira yatsopanoyi ili ndi kadzenje kake. Mwezi womwe kampani sinagulitse kalikonse, `DIVIDE` sabweza nambala, ndiye lendi ya mweziwo sigawidwa kwa aliyense ndipo phindu likwera monama. M'miyezi 15 yathuyi mulibe wotere, koma zitha kuchitika mosavuta mwanjira ina, wina akalowetsa fayilo ya zotuluka ya Epulo asanalowetse ya malonda. Ndiye m'malo modalira kuti ndidzakumbukira, ndaika kaselo kolondera pakona ya dashibodi. Kamatenga phindu la miyezi yonse ndi mitundu yonse kuchokera mu `Data Model`, popanda kumvera silaisa iliyonse, n'kuyerekeza ndi kuphatikiza wamba kwa matebulo atatu aja:

```
=CUBEVALUE("ThisWorkbookDataModel","[Measures].[Phindu]")
 -(SUM(Malonda[Ndalama])-SUM(Zotuluka[Ndalama])-SUM(Zapamodzi[Ndalama]))
```

Yankho likakhala 0 kamalemba "Zikugwirizana", likapanda kutero kamafiira n'kuonetsa kusiyanako. Ndakulunga ndi `ROUND` poti nthawi zina pamatsala kanyenyeswa kakutali kwambiri kuseri kwa dontho komwe kamalepheretsa 0 kukhala 0 weniweni. Kamagwiranso vuto lina lofala, loti munthu waonjezera mizere m'tebulo koma waiwala `Refresh All`, chifukwa `SUM` imasintha pompopompo pomwe mapivoti amadikira kuuzidwa. Chomwe sikangagwire ndi dzina lolembedwa molakwika, poti ndalama zake zimakhalabe mu totala, chizindikiro cha limenelo ndi `(blank)` kubwereranso pa silaisa, n'chifukwa chake sindinayese kulibisa batanilo mwanjira iliyonse.

Lachitatu, 16 Epulo

Kutseka ndi kupereka. Mapivoti onse ndawasamutsira ku shiti yawoyawo n'kuibisa koma osaikiya, chifukwa pivoti yomwe ili pa shiti yokiyidwa imakana lifuleshi. Shiti ya dashibodi yokha ndiye ndaikiya ndi `Protect Sheet`. Koyamba ndinakiya masilaisa omwe, osadinika, ndinaiwala kuti pa silaisa iliyonse uyenera kulowa mu `Size and Properties` n'kuchotsa chizindikiro pa `Locked` usanakiye. Pomwepo ndaikanso `Disable resizing and moving` kuti asamakokedwe mwangozi.

Ndalemba malangizo a mwezi ndi mwezi pa shiti yoyamba, mizere inayi yokha: ikani mafayilo atsopano m'foda yomweyo ndi mayina omwewo, dinani Ctrl+Alt+F5, onani ngati kaselo kakuti "Zikugwirizana", onani ngati pa silaisa pali mabatani anayi osati asanu. Ndawonjezera kuti `Kalendala` imathera pa 31 Disembala 2025, ikadzafika nthawiyo wina aitalikitse, apo ayi malonda a Januwale 2026 adzagwera pa mwezi wopanda dzina.

Abwana aiyesa masana, anadina Mashelefu kaye, ndinadziwa. Anayang'ana 2,000 ndi 0 ali pafupipafupi, anafunsa kuti nanga tikagawa motsatira malo monga ananenera amayi aja zikhala bwanji. Ndati mezha `Gawo` yokha ndi yomwe ingasinthe, ndi kolamu imodzi yatsopano mu `Mitundu` yolemba kukula kwa malo a mtundu uliwonse, ntchito ya ola limodzi manambala akapezeka. Atuma mnyamata wa kosungira katundu kuti mawa akayeze ndi tepi. Fayilo ya bajeti akuti ifika Lachisanu.